Mwatumiza chithunzi koma yankho labwera losathandiza: mmene mungafunsirenso

Anthu amakonda kunditumizira zithunzi za zipangizo zawo kuti ndiwawerengere kapena ndiwauze chavuta. Chithunzi chimabwera ndi timawu tiwiri pansi pake, "Ichi bwanji?", ine n'kuyankha zomwe ndaona, ndipo pakapita mphindi zochepa kumabwera uthenga wina wakuti "Ayi, onaninso bwino." Chithunzi ndi chomwechija, funso ndi lomwelija, chimene chawonjezeka ndi kukhumudwa basi. Zomwezi zimachitika kwa amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu owerenga zithunzi: pulogalamu ikalephera, munthu amatumizanso chithunzi chomwecho katatu, ngati kuti ulendo wachitatu imumvera chisoni.

Kuwerenga chithunzi kukalephereka, cholakwika chimakhala pamalo amodzi mwa atatu. Mwina chithunzicho sichikuonetsa chinthu chofunikacho, mwina funso silinanene chimene mukufuna, kapena yankho lake silili m'chithunzi n'komwe. Funso lanu lachiwiri lithandiza pokhapokha mutadziwa kuti mwa atatuwa vuto lili pati, ndiye musinthe pamenepo. Pansipa ndasanja mavutowa malinga ndi mmene yankho loyamba linaonekera. Ndakhazikika pa zithunzi zokhala ndi zolemba ndi manambala, monga malebulo a zipangizo, matebulo ndi mauthenga a pa sikirini, chifukwa kumeneko n'komwe kulakwitsa pang'ono kumaonongetsa zinthu. Ndikamati "wokuyankhani" ndikutanthauza munthu kapena pulogalamu. Pamene awiriwa amasiyana ndinena.

## Choyamba: tsegulani chithunzi chimene munatumiza

Musanalembe chilichonse, tsegulani chithunzicho mu uthenga womwe munatumizawo, osati chomwe chili mu kamera yanu. Nthawi zambiri ziwirizi sizifanana, chifukwa chotumizidwacho chinachepetsedwa panjira. Chikulitseni ndi zala mpaka pamalo amene mukufunsa, ndipo yesani kuwerenga ngati munthu amene sanachionepo chinthucho.

Apa m'pomwe ambiri timadzinamiza. Inu chinthucho muli nacho m'manja, mukudziwa kale kuti pali 3.33, ndiye maso anu amaona 3.33 ngakhale pachithunzipo pali timadontho tosaoneka bwino. Ngati pali munthu pafupi, mupatseni foni awerenge mokweza. Akakayika, vuto ndi chithunzi, ndipo palibe mawu okoma amene angachikonze.

## Vuto 1: Akuti chithunzi sichinafike kapena sichikutseguka

Ili ndi vuto losavuta, tisachedwepo. Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

- Sichinamalize kupita. Onani ngati pali kachizindikiro kozungulira kapena kofiira pachithunzipo. Tumizaninso netiweki ikakhala bwino.
- Mtundu wa fayilo. Mafoni a iPhone amasunga zithunzi ngati HEIC, ndipo si makompyuta kapena mapulogalamu onse amene amatsegula mtundu umenewu. JPEG ndi PNG zimatseguka pafupifupi paliponse. Njira yachidule ndi kutsegula chithunzicho pa foni n'kujambula sikirini, ngakhale kutero kumachepetsa tsatanetsatane wake.
- Fayilo ndi yaikulu kuposa malire a kumene mukutumizako. Dulani chithunzi mutsale ndi mbali yofunika.
- Munatumiza linki yomwe imatseguka kwa inu nokha. Tumizani chithunzi chenichenicho.

Potumizanso, lembaninso funso lonse. Musalembe kuti "ndi ichi" poganiza kuti wokuyankhani akukumbukira zomwe munafunsa poyamba.

## Vuto 2: Akuti zolembazo sizikuwerengeka

Zilembo zachepa kwambiri m'chithunzi. Ichi ndiye chofala kuposa zonse, ndipo chimadabwitsa anthu chifukwa kamera yawo ndi yabwino. Tiyeni tiwerengetsere. Foni ya mamegapikiselo 12 imajambula chithunzi cha mapikiselo, timadontho topanga chithunzi, pafupifupi 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. Tiyerekeze kuti mwajambula thebulo lonse, ndipo chilembo cha palebulo chatalika mapikiselo 20. Pa foni yanu chikuwerengeka. Koma mapulogalamu ambiri otumizirana mauthenga amachepetsa zithunzi kuti zipite msanga, ndipo mapulogalamu ambiri owerenga zithunzi nawonso amazichepetsa asanayambe kuwerenga. Chithunzi chija chikatsika kuchoka pa 4000 kufika pa 1600, chilembo chija chimatsala ndi mapikiselo 8 okha. Zilembo zikatsika pansi pa mapikiselo 10 kapena cha pamenepo, 3 ndi 8 amayamba kufanana, ndipo kadontho ka pakati pa manambala kamasowa.

Chochita n'kuti chinthu chomwe mukufunsa chidzaze chithunzi. Yandikirani, kapena dulani chithunzi choyambiriracho musanatumize. Kukulitsa chithunzi chomwe chachepetsedwa kale sikubweza chilichonse. Pa WhatsApp, kutumiza chithunzi ngati Document kumachisiya mmene chilili osachichepetsa.

Chimbuuzi. Pali mitundu iwiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Ngati zonse m'chithunzi zikuoneka ngati zakokedwera mbali imodzi, dzanja linagwedezeka, ndipo zimenezi zimachitika kwambiri pamalo amdima chifukwa kamera imatenga nthawi yaitali kuti itole kuwala. Pitani powala, tsamiritsani zigongono pathebulo. Koma ngati zakumbuyo zikuoneka bwino pamene lebulo ili mbuu, mwayandikira kwambiri kapena kamera yalunjika pena. Makamera ambiri a pafoni amalephera kuona bwino chinthu chimene chili pafupi kuposa masentimita 10 kapena cha pamenepo. Bwererani m'mbuyo pang'ono, gwirani pa sikirini pamene pali zolembazo, dikirani zioneke bwino, kenako jambulani. Pukutaninso galasi la kamera. Mafuta a zala amabweretsa nkhungu yomwe anthu amaiiwala.

Kunyezimira. Fulashi ikamenya pa pulasitiki kapena pa pepala losalala imasiya chigamba choyera, ndipo mwatsoka chimakonda kugwera pa nambala yomwe mukuifunayo. Zimitsani fulashi, kuwala kubwere cham'mbali. Zilembo zozokotedwa pa pulasitiki yakuda, zopanda utoto, zimaoneka bwino kuwala kukachokera m'mbali ndithu, chifukwa pamenepo chilembo chilichonse chimakhala ndi mthunzi wake.

Mwajambula sikirini ya kompyuta ndi foni. Pamatuluka mizere yokhotakhota ngati mafunde imene imadya zilembo. Jambulani sikiriniyo ndi kompyuta yomweyo: pa Windows dinani Windows + Shift + S, pa Mac dinani Shift + Command + 4, n'kusankha mbali yomwe mukufuna. Ngati mawuwo angathe kukopedwa, akopeni muwaike mu uthenga, chifukwa mawu olembedwa amaposa chithunzi chilichonse cha mawuwo.

Chithunzi chapendekeka, chazondoka kapena chatembenuka. Kamera yakutsogolo nthawi zina imasunga chithunzi ngati cha pagalasi, zilembo n'kuyang'ana kumbuyo. Palinso zithunzi zimene pa foni zimaoneka zoongoka koma kwina zimatseguka zitagona chammbali. Gwiritsani ntchito kamera yakumbuyo, foni ikhale moyang'anizana ndi pepala.

Funso lotsatira pano likhale lalifupi, koma linene chimene chasintha ndi pamene pali chofunikacho. Mwachitsanzo: "Ndajambulanso pafupi, popanda fulashi. Chonde werengani mzere wachitatu wokha, umene wayamba ndi mawu akuti OUTPUT. Ngati pali chilembo chimene simukuchiona bwino, ikanipo ? m'malo mongoganizira." Chiganizo chomalizachi n'chofunika kwambiri. Anthu amachita manyazi kunena kuti sakuona, ndipo mapulogalamu amakonda kudzaza mpata ndi chinthu chooneka ngati cholondola. Mukawapatsa njira yonenera kuti "apa sindikuona", mumadziwa pomwe muyenera kujambulanso.

## Vuto 3: Yankho lafotokoza chithunzi koma silinakhudze chomwe mumafuna

Mwatumiza chithunzi cha galafu, yankho n'kubwera lakuti iyi ndi galafu yokhala ndi mizere iwiri, wina wofiira wina wobiriwira. N'zoona, koma zimenezo mumazidziwa kale. Apa chithunzi chilibe mlandu.

Simunanene chimene mukufuna kuchita ndi yankholo. "Ichi n'chiyani?" ndi funso limene lili ndi mayankho khumi olondola. Munthu amene akufuna kugula china chofanana nacho, amene akufuna kuchikonza, ndi amene akuopa kuti chipsa, onse angatumize chithunzi chimodzimodzi. Nenani cholinga mu chiganizo chimodzi: "Ndikufuna kudziwa ngati ndingachilumikize ku laputopu yanga."

Simunaloze malo. Mawu monga "apa", "ichi", "kamene kali pambalika" amagwira ntchito mukakhala limodzi ndi munthu n'kumaloza ndi chala. Mu uthenga chala palibe. Zingani malowo ndi mzere wofiira pogwiritsa ntchito cholembera cha mu pulogalamu ya zithunzi, koma samalani kuti mzerewo usaphimbe zilembo. Apo ayi lozani ndi mawu amene ali m'chithunzimo: "mzere woyamba ndi mawu akuti MODEL". Kumanja ndi kumanzere kumasokoneza, makamaka pachithunzi cha munthu kapena cha makina oyang'ana kwa inu, choncho nenani kuti "kumanja kwa chithunzi".

Mafunso ambiri mu uthenga umodzi. Kawirikawiri loyamba kapena losavuta ndi limene limayankhidwa. Funsani limodzi. Ngati alidi atatu, aikeni manambala 1, 2, 3, mupemphe kuti mayankho abwere ndi manambala omwewo. Zithunzi zikakhala zingapo chitaninso chimodzimodzi, munene kuti chithunzi 1 ndi cha chiyani, 2 ndi cha chiyani.

Munadula mopitirira. Uku ndi kumbuyo kwa malangizo a mu Vuto 2, ndipo ndimakuona mwa anthu amene amvera malangizowo mwachangu. Galafu yopanda manambala a m'mbali mwake siuza munthu chilichonse, ndipo mzere wa tebulo wopanda mitu ya pamwamba ndi manambala chabe. Tumizani ziwiri: chimodzi choonetsa chinthu chonse, china chapafupi.

Simunanene mmene yankho likhalire. Ngati mukufuna manambala okha, nenani. Ngati mukufuna "inde" kapena "ayi" ndi chifukwa chake, nenaninso.

## Vuto 4: Yankho labwera motsimikiza koma ndi lolakwika

Ili ndiye loopsa, chifukwa silichenjeza. Yankho lakuti "sindikuona" limakuchenjezani, koma nambala yolakwika yolembedwa mwaudongo imaoneka ngati yolondola mpaka mutagula chinthu chosayenera. Zoyambitsa:

Zilembo zofanana. Zomwe zimasokonezedwa kawirikawiri ndi 0 ndi O, 1 ndi l kapena I, 5 ndi S, 8 ndi B, 2 ndi Z, komanso 3 ndi 8. M'mawu wamba kulakwitsa kotere kumakonzeka kokha, chifukwa mawu ena onse amakuuzani chilembo choyenera. Pa nambala ya chipangizo kapena pa kodi palibe chokuthandizani chotero. Ngati mukudziwa kapangidwe ka nambalayo, nenani: "Nambalayi ili ndi zilembo 10, ziwiri zoyamba ndi malemba, zotsalazo ndi manambala okhaokha."

Kadontho kasowa. 19.5 amasanduka 195, 0.5 amasanduka 05 kapena 5. Dziwaninso kuti m'maiko ambiri a ku Ulaya amalemba 19,5 pamene ena amalemba 19.5, choncho mpumiro pakati pa manambala sutanthauza masauzande nthawi zonse.

Awerenga mzere wina. M'matebulo opanda mizere yolekanitsa, makamaka chithunzi chikapendekeka pang'ono, diso limatsetsereka kupita pa mzere wapansi. Nambala imakhala yolondola, koma ndi ya chinthu china.

Funso lanu linanena kale yankho. Mukalemba kuti "Apa palembedwa 19V eti?", mwapereka 19V, ndipo wokuyankhani amene sakuona bwino avomera. Funsani kuti "Palembedwa chiyani?", kenako muyerekeze nokha.

Njira yotsimikizira ndi kulekanitsa kuwerenga ndi kumasulira. Pemphani kaye kuti akope zomwe zalembedwa, chilembo ndi chilembo, mzere ndi mzere, osafotokoza tanthauzo. Yerekezani ndi chinthu chili m'manja mwanucho. Zikagwirizana, pamenepo funsani tanthauzo. Mukafunsa ziwirizi pamodzi, yankho lolakwika silikuuzani ngati analakwa poona kapena poganiza.

Pokonza cholakwacho, musalembe kuti "mwalakwitsa" basi. Nenani mbali imene inali yolondola kuti isasinthidwe, mbali imene yalakwika, ndi chimene inu mukuona: "Dzina la chipangizo mwawerenga bwino. Nambala ya mu mzere wachiwiri mwalemba 3.88, koma ine ndi maso ndikuona 3.33. Gwiritsani ntchito 3.33 muwerengetsenso." Ngati maso anu akuwerenga bwinobwino, palibe chifukwa cholimbana ndi chithunzi. Lembani manambalawo nokha, chithunzi chingokhala umboni.

Pomwe pali njira yowerengetsera, igwiritseni ntchito. Manambala a mu tebulo aphatikizeni muone ngati akufika pa chiwerengero chonse chapansi. Magawo a pa 100 mukawaphatikiza onse afike pa 100 kapena pafupi. Pa zamagetsi pali kawerengetsedwe kosavuta kamene ndikaonetse m'chitsanzo chili pansipa.

## Vuto 5: Yankho likungobwereza, kapena likusintha nthawi iliyonse mukatsutsa

Ziwirizi zimaoneka zosiyana koma muzu wake ndi umodzi: simunapereke chatsopano.

- Chithunzi chomwecho, funso lomwelo. Sinthani chimodzi mwa ziwirizi.
- Kutsutsa kopanda umboni. Mapulogalamu ambiri, ngakhalenso anthu aulemu, akauzidwa kuti alakwa amapepesa n'kupereka yankho lina, ngakhale loyamba linali lolondola. Mukapeza mayankho atatu osiyana pa chithunzi chimodzi, musasankhe limene lakukomerani. Chimene mwaphunzira n'chakuti chithunzicho sichikukwanira.
- Kukambirana kwatalika, zolakwika zakale zikubwererabe. Ndi pulogalamu, yambani kukambirana kwatsopano ndi chithunzi chabwino ndi funso lathunthu. Ndi munthu, lembani uthenga umodzi woima pawokha, woti angaumve asanawerenge zam'mbuyo.
- Yankho silili m'chithunzi. Chithunzi sichionetsa kulemera, kutentha, phokoso, fungo, zamkati, kapena zomwe zinachitika dzulo. Sichionetsanso kukula kwenikweni pokhapokha mutaika rula pambali pa chinthucho. Mtundu nawo ndi wonyenga, chifukwa umasintha malinga ndi kuwala ndi kamera. Zoterezi zilembeni ndi mawu.

Pa chomalizachi pali funso limodzi limene anthu salifunsa koma limafupikitsa nkhani: "Mukufunika kuona kapena kudziwa chiyani china kuti muyankhe motsimikiza?" Katswiri aliyense amakhala ndi yankho lake pompo.

## Chitsanzo: chaja ya laputopu

Mng'ono wanga chaja yake itafa anapeza ina m'kabati, n'kunditumizira chithunzi cha chajayo ili pabedi, waya atapiringizika, lebulo ili kakang'ono pakati. Pansi analemba kuti: "Achimwene, iyi ndi ya mphamvu zingati?" Ndinakulitsa chithunzicho, ndipo mzere wokha umene unkawerengeka unali wa pamwamba. Ndinamuyankha kuti ndikuona 100-240V ndi 1.5A. Iye anabweza kuti zimenezo sizikumuthandiza, ndionenso.

Tonse tinalakwa. Ine ndinawerenga mzere wa INPUT, umene umanena za magetsi olowa kuchokera kukhoma, ndipo pafupifupi chaja iliyonse ya laputopu imalemba 100-240V pamenepo. Mzere wofunika ndi wa OUTPUT, wonena za magetsi opita ku laputopu, ndipo umenewo unaphimbidwa ndi kunyezimira kwa fulashi. Iye sananene kuti akufuna kuilumikiza ku laputopu ina, ndipo za laputopuyo sanatchule chilichonse.

Nditamufunsa chimene akufuna kuchita, anajambulanso pafupi ndi zenera, lebulo itadzaza chithunzi. Koma anali atayamba waika chithunzicho mu pulogalamu yosandutsa zithunzi kukhala mawu, ndipo inatulutsa izi:

```
OUTPUT: 195V 3.88A 65W
```

Nambala ziwiri mwa zitatuzi zinali zolakwika, ndipo zinadziulula zokha. Palibe laputopu yolandira mavoliti 195. Kadontho kanasowa, ndi 19.5. Za maampu, mawati amapezeka pochulukitsa mavoliti ndi maampu:

```
V × A = W
19.5 × 3.88 = 75.7
19.5 × 3.33 = 64.9
```

Popeza palebulo palembedwa 65W, nambala yoona ndi 3.33. Anayang'ana pa chajayo ndi maso n'kutsimikiza. Kenako analemba funso lachiwiri, limene linali motere:

"Achimwene, ndikufuna kudziwa ngati chaja iyi ndingaigwiritse ntchito pa laputopu yanga, chifukwa yake yafa. Poyamba munawerenga mzere wa INPUT, koma ndikufunsa za OUTPUT. Chithunzi 1 ndi lebulo ya chaja: ine ndikuwerenga 19.5V, 3.33A, 65W. Chithunzi 2 ndi kunsi kwa laputopu: palembedwa 19V, 3.42A. Sindinailumikize. Ndiuzeni inde kapena ayi ndi chifukwa chake, ndipo ngati pali china choti ndijambule, nenani."

Uthengawu uli ndi cholinga, malo amene yankho loyamba linaphonya, manambala olembedwa ndi mawu, zithunzi zokhala ndi manambala, chimene wachita kale, ndi mtundu wa yankho limene akufuna. Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi chiganizo chomaliza, chifukwa panalidi chimene chinatsala. Manambala okha ankaonetsa kuti chajayo si yofanana ndendende: mavoliti akusiyana ndi 0.5, ndipo maampu ake ndi ocheperapo pang'ono kuposa amene laputopu ikufuna, pamene lamulo lake n'lakuti maampu a chaja afanane kapena apose. Koma chachikulu sichinali palebulo. Ndinamupempha ajambule kunsonga kwa pulagi pambali pa rula, ajambulenso bowo la pa laputopu. Pulagiyo inali ya mamilimita pafupifupi 4.5 m'mimba mwake, yokhala ndi kasingano mkati, pamene bowo la laputopu linali lalikulupo ndipo linali ndi kachitsulo kakekake pakati. Sizikanalowana, ndipo kukakamiza kukanathyola chimodzi mwa ziwirizo. Yankho linali ayi, agule chaja ya 19V 3.42A yokhala ndi pulagi yoyenera laputopu yakeyo.

## Musanatumize chithunzi chachiwiri

Poyesetsa kuti zonse zioneke, anthu amatumiza zoposa zofunika. Onani m'mbali mwa chithunzi ngati muli nambala ya akaunti, nambala ya chiphaso, adiresi, mawu achinsinsi, kapena nkhope ndi mayina a anthu ena. Dulani mbali imeneyo, kapena iphimbeni ndi utoto wosaonekera mkati. Cholembera chooneka ngati chakuda pa foni nthawi zina chimalola zilembo kuoneka munthu akawalitsa chithunzicho. Kumbukiraninso kuti chithunzi chotumizidwa ngati fayilo yosachepetsedwa chingathe kunyamula tsiku ndi malo amene munajambulira, ngati kamera yanu imasunga zimenezo.

## Pamene muyenera kusiya kufunsa ndi zithunzi

Ngati mwajambulanso bwino, mwalemba funso lathunthu kawiri, koma mayankho sakugwirizanabe, chithunzi chafika pamalire ake. Tengani chinthucho mupite nacho kwa wodziwa. Koma pa zinthu zotsatirazi musadikire n'komwe kuti mulephere kawiri:

- Za thupi. Chilonda, chotupa, zidzolo, kadontho ka pakhungu kamene kakusintha, chithunzi cha ekisileyi kapena zotsatira za kuyezetsa magazi. Dokotala amafunika kuona, kugwira ndi kufunsa mbiri ya matendawo.
- Mankhwala. Dzina kapena mlingo wosawerengeka bwino pa chikalata cha dokotala kapena pa botolo, ndiponso piritsi lopanda paketi yake. Apa kadontho kosowa kaja kamasandutsa 0.5 kukhala 5, kuchulukitsa mlingo kakhumi. Funsani amene analemba kapena wa ku famase.
- Njoka, kangaude, chomera kapena bowa zimene wina walumidwa nazo, wadya kapena akufuna kudya. Mitundu yoopsa ndi yosaopsa imafanana kwambiri pachithunzi. Ngati munthu walumidwa kapena wadya kale, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, chithunzicho mukaonetse kumeneko.
- Magetsi a m'nyumba, gasi ndi mabatire. Mawaya a m'khoma, bokosi la mafyuzi, fungo la kupsa kapena la gasi, batire lotupa. Musatsegule kapena kugwira chinthu chamagetsi kuti mupeze chithunzi chabwino. Zimitsani ngati n'kotheka kutero popanda ngozi, muitane wodziwa ntchitoyo.
- Ming'alu ya nyumba, mabuleki ndi matayala a galimoto. Chithunzi sichionetsa kuzama kwa mng'alu kapena ngati ukukulirakulira.
- Zikalata za malamulo ndi za ndalama zimene mukufuna kusaina kapena kulipira potengera nambala yowerengedwa pachithunzi. Pemphani chikalata chenichenicho kapena kope yake yoyera kwa amene anachitulutsa, ndipo nambala ya akaunti muitsimikize ndi mwini wake musanatumize ndalama.